Mwendo wa mayi anga ukutupa ndipo khungu layamba kukhakhala: kodi ndi mntchofu?

Funso: Adokotala, ndimakhala ku Mufakose pamodzi ndi mayi anga a zaka 57. Iwowa anakulira ku Nsanje, anabwera kuno ku Harare atakwatiwa, koma kumudzi akhala akupitako kawirikawiri. Mwendo wawo wakumanzere unayamba kutupa zaka zinayi zapitazo. Poyamba unkaphwa akagona, koma pano suphwanso, ndipo khungu la pamwamba pa phazi layamba kukhakhala. Chaka chino adwala kawiri, thupi kutentha, kunjenjemera, mwendo n'kufiira. Amagulitsa masamba ku Mbare Musika. Ena akuti ndi mntchofu, ena akuti anaponda mankhwala. Kodi tingachite chiyani kunyumba kuti mwendowu usapitirire kuwonongeka?

Yankho: Achemwali, pa zonse zimene mwalemba, chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kudwala kawiri kuja, chifukwa kudwala kotereku ndi kumene kumakhwimitsa khungu, ndipo ndi kumenenso banja lingathe kukuletsa ndi manja ake. Ndifotokoza chifukwa chake, koma choyamba mundilole ndinene za dzina la matendawa, popeza munthu sangalitsimikize asanauone mwendo ndi kuugwira.

Mntchofu umayamba ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo kumidzi ya kwathu kuno udzudzu wake ndi womwe uja wa malungo. Tinyongolotsiti tikalowa m'thupi timakakhazikika m'timitsempha tina tosakhala ta magazi, tonyamula madzi otchedwa limfu, amene amatsalira m'minofu ndipo amayenera kukwera kubwerera m'magazi podutsa m'anabere a m'mphechepeche. Nyongolotsi zazikulu zimakhala ndi moyo zaka 6 mpaka 8, ndipo pa zaka zimenezo timitsemphati timatanuka n'kufooka, mwakuti ngakhale nyongolotsi zitafa, madzi aja sakweranso bwino. Anthu ambiri amatenga tizilomboti ali ana, kutupa n'kudzaonekera atakula. Chigwa cha Shire, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, pamodzi ndi dera la Songwe ku Karonga, ndi kumene matendawa anali ochuluka ku Malawi. Boma linagawa mankhwala kwa anthu onse chaka ndi chaka kuyambira mu 2008, ndipo mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti Malawi yathana ndi mntchofu monga vuto la dziko. Izi zikutanthauza kuti ana a lero sakutenganso monga kale, koma amene timitsempha tawo tinawonongeka kalekale akadali nalo vutoli. Kuno ku Zimbabwe kugawa mankhwala kotereku kunayamba mu 2016 m'maboma amene anapezeka ndi matendawa. Mzinda wa Harare uli pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,500, ndipo munthu amene ali ndi mntchofu kuno nthawi zambiri anautenga kwina.

Mbiri ya mayi anu ikugwirizana ndi mntchofu, komabe ndikupemphani kuti musakhutire ndi dzinali asanapimidwe. Mayi wa msinkhu wawo akatupa mwendo umodzi, dokotala wosamala amayenera kuona ngati palibe chotupa m'chiuno kapena pa khomo la chiberekero chimene chikupanikiza njira za limfu, choncho apemphe kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero ngati sanayezetse posachedwa. Khansa ya Kaposi, imene timaiona kawirikawiri mwa anthu amene ali ndi HIV, imatupitsanso mwendo n'kuulimbitsa ngati thabwa, ndipo imabwera ndi mabala akuda kapena ofiirira pakhungu ndi m'kamwa. Kuyezetsa magazi kumathandiza kuthetsa kukayikira kumeneku. Magazi akaundana mumtsempha, mwendo umatupa mwadzidzidzi pa tsiku limodzi kapena awiri ndipo katumba amapweteka, zomwe zimafunika chipatala tsiku lomwelo. Matenda a mtima, a impso ndi a chiwindi, ngakhalenso mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, amatupitsa miyendo yonse iwiri mofanana. Palinso kutupa kofanana ndi mntchofu kobwera chifukwa choyenda opanda nsapato kwa zaka zambiri pa dothi lofiira la m'mapiri, kumene kumadziwika kwambiri ku Ethiopia, ku Rwanda ndi ku Cameroon, ndipo kumakonda kugwira miyendo yonse iwiri. Yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko, ndipo ngati pakufunika kupima mozama adzakupatsani kalata yopita ku Sally Mugabe kapena ku Parirenyatwa. Apimenso shuga, chifukwa amasintha kasamalidwe ka phazi.

Mukakapimitsa magazi ofufuza tinyongolotsi, musadabwe akakuuzani kuti sitinapezeke. Ana a nyongolotsizi amaonekera m'magazi usiku, makamaka pakati pa 10 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha, ndipo ngakhale pali njira ina yopimira ndi kadontho ka magazi a pachala nthawi iliyonse, anthu ambiri amene mwendo unatupa kale sapezeka nato, popeza nyongolotsi zinafa n'kusiya njira zowonongeka. Mapilitsi a alibendazo, aivamekitini kapena DEC amene amagawidwa m'midzi amapha ana a nyongolotsi kuti udzudzu usawatengere kwa ena, koma saphwetsa mwendo. Ambiri amakhumudwa akamwa mapilitsiwa osaona kusintha, n'kuganiza kuti kuchipatala kwalephereka, pamene chithandizo chenicheni cha mwendo sichinayambe n'komwe.

Zizindikiro zoyambirira n'zosavuta kuziphonya. Munthu amangomva mwendo kulemera madzulo, nsapato ya phazi limodzi n'kumathina, sokosi n'kumasiya mzere wozama pa kakolo. Mukadinikiza chala pamsongolo kwa kanthawi, pamatsala kadzenje, ndipo kutupako kumaphwa usiku. Apa ndi pamene mayi anu anayambira. Kenaka kutupa kumasiya kuphwa, ndipo kadzenje kaja kamayamba kuvuta kupanga chifukwa mnofu wa pansi pa khungu ukulimba. Pali kayesedwe kamene mungachite lero lomwe: tsinani pang'onopang'ono khungu la pamwamba pa tsinde la chala chachiwiri cha phazi, pafupi ndi chala chachikulu, ndi kuyesa kulinyamula. Pa phazi labwino khungu limanyamuka mosavuta, koma pa phazi limene limfu yakhazikika limakanika kutsinika. Yerekezani ndi phazi linalo. Matenda akamapitirira, pa kakolo ndi pa tsinde la zala pamabwera makwinya osazama amene mkati mwake mumaoneka munthu akagwedeza phazi, kenaka timibulu tolimba, kenaka makwinya ozama amene muyenera kuwatsegula ndi zala kuti muone pansi pake, ndipo pomaliza khungu la pa zala limamera tinthu tonga njerewere tothithikana, tonyowa ndi tonunkha. Akatswiri amagawa ulendowu m'magawo 7. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mayi anu ali pa gawo lachiwiri kulowera lachitatu, ndipo ndi pamalo pamene chisamaliro chimabweza zambiri.

Tsopano tibwere pa kudwala kuja. Madzi a limfu akaima m'mwendo, chitetezo cha khungu pamalopo chimafooka, ndipo madziwo ali ndi zakudya zimene tizilombo ta bakiteriya timakondwera nazo. Zili ngati ngalande ya m'mbali mwa msewu imene yatsekeka: madzi oyenda sasunga zoipa, koma oima amaswetsa chilichonse chimene chagweramo. Tizilombo tokhala pakhungu la munthu aliyense tikapeza polowera, timachulukana msanga. Munthu amayamba kuzizidwa ndi kunjenjemera ngati malungo, mutu kupweteka, nthawi zina kusanza, mwanabere n'kutuluka m'mphechepeche, mwendo n'kutentha, kufiira ndi kupweteka koopsa. Pakatha masiku angapo kutentha kumatsika ndipo khungu limasupuka. Anthu amaona ngati achira, koma kudwala kulikonse kumasiya zipsera mkati mwa timitsempha totsala tija, khungu n'kuwonjezera kukhuthala, makwinya n'kuzama, ndipo makwinya ozamawo amabisa chinyezi ndi zilonda zimene zimaitana kudwala kwina. Mwendo waukulu wokhakhala umene anthu amauopa umapangidwa ndi kudwala kobwerezabwereza kumeneku koposa nyongolotsi zenizenizo. Munthu amene waletsa kudwalaku waimitsa mbali yaikulu ya kuwonongeka.

Nanga tizilomboti timalowera pati? Nthawi zambiri ndi pakati pa zala za kuphazi, makamaka pakati pa chala chachinayi ndi chaching'ono. Madzulo ano akhazikeni mayi pampando pamalo owala, mutsegule zala chimodzichimodzi ndi kuyang'ana mpaka pansi. Mwina mudzapeza khungu loyera, lofewa ngati lanyowa tsiku lonse, lokhala ndi kamng'alu kofiira pakati, ndipo mayi adzanena kuti pamangoyabwa basi. Amenewo ndi matenda a fangasi, ndipo kamng'alu kameneko, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kokwanira kugoneka munthu sabata yathunthu. Malo ena ndi ming'alu ya ku chidendene, m'mbali mwa zikhadabo, pamene nsapato yakhula, ndi pamene munthu wakanda atalumidwa ndi udzudzu. Ku Mbare Musika nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mapazi amakhala m'matope ndi m'madzi otsukira masamba, ndiye fangasi amakula. M'miyezi ya chisanu ya Juni ndi Julaye mpaka kutentha kwa Okutobala khungu limauma n'kung'ambika ku chidendene. Nyengo iliyonse ili ndi khomo lake, ndipo muyenera kuyang'anira onse awiri.

Apa ndiyenera kunenapo za amene akuti mayi anaponda mankhwala. Sindikufuna kukangana ndi achibale anu pa zimene amakhulupirira, koma ndikupemphani ndi mtima wonse kuti pa mwendo umenewu pasatemedwe mphini, ngakhale imodzi. Mphini iliyonse ndi khomo latsopano, ndipo phulusa kapena mizu yopakidwapo imalowetsa tizilombo mkati mwenimweni. Ndaonapo miyendo imene inali yotupa pang'ono chabe ikufika pa zilonda zosapola chifukwa cha lezala. Chimodzimodzinso kuthowa ndi madzi otentha, kuboola kuti madzi atuluke, ndi kukwecha khungu lokhakhala ndi mwala pofuna kulisalaza. Khungu limeneli silisalala ndi mwala, limangong'ambika.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku chimayamba ndi kutsuka, kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo ngati tsiku lina zavuta, kwa madzulo kusaphonyedwe chifukwa ndi kumene kumachotsa dothi la tsiku lonse. Zofunika ndi beseni, kapu yothirira, sopo wamba wosanunkhiritsa, tinsalu tofewa toyera ndi kampando. Ndikudziwa mmene madzi amavutira m'madera athu ambiri, mipope ikakhala youma masiku angapo anthu n'kumadalira mijigo ndi zigubu, koma ntchitoyi sifuna madzi ambiri. Malita awiri kapena atatu amakwana ngati mukuthira ndi kapu. Madzi akhale oyera mofanana ndi amene mungamwe, osatentha, ongofanana ndi kutentha kwa m'nyumba. Nthawi ya chisanu mungawafunditse pang'ono kwambiri, ndipo muwayese ndi chigongono chanu musanawathire, makamaka ngati mayi apezeka ndi shuga, pakuti phazi la munthu wa shuga limapsa iye osamva. Madzi a m'chitsime chosatetezedwa muwawiritse ndi kuwasiya azizire.

Sambani m'manja, muike phazi m'beseni lopanda madzi, munyowetse mwendo, ndipo mupake sopo m'manja kufikira thovu litachuluka. Yambirani pa bondo kutsikira ku phazi, mofatsa, ndi manja kapena kansalu kofewa, osati chinkhupule kapena burashi. Pakati pa zala ndi m'makwinya gwiritsani kansalu kopyapyala kong'ambidwa motalika ngati lamba, kolowetsedwa pakati pa zala n'kumakokedwa uku ndi uku pang'onopang'ono. Tsukuluzani ndi madzi oyera, ndipo ngati madzi otsikira m'beseni akadali akuda, bwerezani mpaka atayera. Phazi lisakhale m'madzi akudawo. Mwendo winawo utsukidwenso chimodzimodzi, popeza nawonso ungakhale ndi timitsempha tofooka ngakhale sunatupe.

Kuumitsa ndiye kumene ambiri amakuchita mothamanga, ndipo ndi kumene kumasiyanitsa mwendo wosamalidwa ndi wongonyowetsedwa. Musapukute mokhula, koma dinikizani kansalu kouma pakhungu kuti kamwe madzi. Kenaka lowetsani kansalu kena kouma pakati pa zala zonse ndi m'khwinya lililonse, ndipo mudikire mphindi zingapo zala zili zotambasuka kuti mphepo ipitemo. Ena amapepesa ndi katoni. Chinyezi chotsala pakati pa zala ndi chakudya cha fangasi, mwakuti munthu wotsuka bwino koma osaumitsa angawonjezere vuto limene akufuna kuthetsa. Tinsalu timeneti tikhale ta mwendo wokha, tichapidwe tsiku lililonse ndi kuyanikidwa padzuwa.

Mwendo ukauma, yang'anani malo onse olowera aja. Pamene pali khungu loyera lofewa pakani mankhwala a fangasi, monga kilotirimazo kapena mafuta a Witifildi, pang'ono chabe, kawiri pa tsiku, mukutikita mpaka alowe osasiya chiphala choyera. Pamafunika milungu iwiri mpaka inayi, ndipo mupitirize kwa sabata ina kapena ziwiri khungu litaoneka kuti lapola, chifukwa fangasi amabwerera akasiyidwa msanga. Chenjerani ndi mafuta ena ogulitsidwa m'misika amene amaletsa kuyabwa mofulumira kapena kuyeretsa khungu, chifukwa ambiri ali ndi mankhwala a siteroidi amene amapyapyalitsa khungu ndi kukulitsa fangasi. Kachilonda katsopano katsukidwe ndi sopo, kapakidwe mankhwala opha tizilombo a kuchipatala, ndipo kaphimbidwe ndi nsalu yoyera mayi akamatuluka. Ngati makwinya ayamba kunyowa ndi kununkha, anamwino angakupatseni potaziyamu pamanganeti. Mlingo wake ndi mamiligalamu 100 pa lita imodzi ya madzi, ndipo madziwo aoneke ofiirira motuwa moti pansi pa beseni pazioneka. Akada kwambiri amawotcha khungu. Onetsetsani kuti timibulu tonse tasungunuka, ndipo phazi liviikidwe mphindi 10 mpaka 15 zokha. Amadetsa zikhadabo kukhala zofiirira, koma zimenezo sizoopsa.

Vaselini kapena mafuta ena osanunkhiritsa apakidwe ku chidendene, pamsongolo ndi pamalo pamene pakhakhala, khungu likangouma kumene, kuti lifewe lisang'ambike. Pakati pa zala ndi m'makwinya musapakemo mafuta, chifukwa amatsekera chinyezi. Zikhadabo ziwengedwe mowongoka ndi chowengera, pambuyo posamba pamene zafewa, osati ndi lezala, ndipo musakumbe m'mbali mwake.

Ntchito ya mayi anu imawaimika kapena kuwakhazika miyendo ili pansi kuyambira m'bandakucha, ndipo sindinganene kuti asiye, popeza ndi imene ikudyetsa banja. Chimene chingatheke ndi kusintha kakhalidwe pamsikapo. Akhale ndi kampando ndi kireti yopanda kanthu yoyalidwa chitenje chopinda, kuti nthawi imene kulibe ogula aziika mwendo pamenepo molingana ndi chiuno, bondo litapindika pang'ono, mwendo wonse utatsamira osati chidendene chokha. Ola lililonse aimirire, agwire tebulo, anyamuke ndi zala za kuphazi n'kutsika, maulendo 10 kapena 15. Ali chikhalire azikweza ndi kutsitsa phazi, ndi kulizunguliza pa kakolo. Akatumba akamafinyika amakankha madzi kukwera m'mwamba, ndiye chifukwa chake kuyenda n'kwabwino kuposa kuima pamalo amodzi. Akakwera kombi apewe kukhala ndi katundu wolemera pa ntchafu ulendo wonse. Usiku ikani njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumapazi, kapena mtsamiro pansi pa matiresi kuchokera pa bondo mpaka ku phazi, kuti mwendo ukwere pang'ono kuposa chifuwa. Izi zisachitike ngati ali ndi vuto la mtima limene limawabanika akagona chagada.

Nsapato nazo ndi mankhwala. Patapata samateteza ku matope ndipo lamba wake amakhula pakati pa zala, pamalo omwe tikuwateteza. Majombo amateteza kumatope koma amasunga thukuta, choncho ngati awavala nthawi ya mvula avale ndi sokosi za thonje zosathina, asinthe zikanyowa, ndipo awavule akangochoka pamatope. Zabwino koposa ndi nsapato zansalu zotakasuka, kapena masandasi a malamba osinthika okhala ndi pansi pochindikala. Okonza nsapato a ku Mbare amatha kutalikitsa malamba a phazi limodzi. Pitani kukayesa madzulo pamene phazi latupa kwambiri, ndipo masiku oyamba muziona ngati sizikusiya pofiira.

Za mabandeji ndinene mosamala. Kumanga mwendo mwaluso, kuchokera ku zala kukwera, kumaphwetsa kutupa, ndipo a mafizo ku zipatala zazikulu amadziwa kamangidwe kake ndi masokosi apadera oyenera. Koma bandeji yomangidwa kunyumba mwachisawawa imapindika n'kukhala ngati chingwe, phazi n'kutupa koposa kumunsi kwake, ndipo kwa munthu amene magazi sayenda bwino m'miyendo ingabweretse chilonda. Dikirani akuonetseni. Mapilitsi okodzetsa nawonso sathandiza kutupa kwa limfu, ndipo asamwedwe pokhapokha dokotala atawalemba chifukwa cha mtima kapena impso. Dokisisaikilini womwedwa milungu 6 amatha kupha nyongolotsi zazikulu ngati zikadalipo, koma woganiza zimenezo ndi dokotala atapima, ndipo salowa m'malo mwa beseni ndi sopo.

Ngakhale mutasamala chotani, kudwala kuja kungabwerenso, ndipo banja liyenera kudziwiratu chochita. Mayi akangomva kuzizidwa ndi kuwawa m'mphechepeche, asiye ntchito, agone mwendo utakwezedwa momasuka, avule bandeji kapena sokosi yothina ngati anavala, ndipo asiye zolimbitsa thupi zija kufikira atachira. Ikani nsalu yoviikidwa m'madzi ozizira pamalo otenthawo, muzisintha ikafunda. Amwe madzi ambiri, ndi panado, mapilitsi awiri a mamiligalamu 500 pa maola 6 alionse, osapitirira mapilitsi 8 pa tsiku. Apite ku kiliniki tsiku lomwelo kukalandira mankhwala opha bakiteriya, amene nthawi zambiri ndi a mtundu wa penisilini monga amokisilini, ndipo anene ngati penisilini amawawenga kuti apatsidwe ena. Amalize onse ngakhale atapeza bwino pa tsiku lachitatu. Muwauze anamwino kuti aone mwendo ndi pakati pa zala, chifukwa kunjenjemera kumeneku kumafanana kwambiri ndi malungo; ngati abwera kumene kuchokera ku Nsanje kapena dera lina la malungo, ayezedwe malungonso. Lembani mzere ndi bolopeni m'malire a pofiirapo kuti muone ngati pakukula. Matuza asaphulitsidwe, ndipo kutsuka kupitirire mofatsa monga angapirire. Mapilitsi a nyongolotsi asamwedwe pa nthawi imeneyi. Ngati asokonezeka mutu, akusanza chilichonse, akupuma mofulumira, akugona mosadzutsika bwino, khungu likuda kapena kutuluka mafinya, kufiira kwadutsa mzere uja mofulumira, kapena kutentha sikukutsika patatha masiku awiri akumwa mankhwala, musadikire kuti kuche, pitani nawo kuchipatala chachikulu. Popeza adwala kawiri m'chaka chimodzi, funsani dokotala ngati akuyenera penisilini woteteza, wa mapilitsi a tsiku ndi tsiku kapena jakisoni wa milungu itatu kapena inayi iliyonse. Ine ndimayamba ndatseka makomo a pakati pa zala, ndipo ndimawonjezera penisilini ngati kudwala kukubwerabe.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, gulani kope laling'ono ndi tepi ya telala. Kamodzi pa mwezi, m'mawa asanayambe kuyendayenda, yezani kuzungulira kwa phazi pa masentimita 10 kuchokera ku nsonga ya chala chachikulu, ndi kuzungulira kwa mwendo pa masentimita 12 ndi 20 kuchokera pansi, miyendo yonse iwiri, nthawi zonse pamalo omwewo. Tiyerekeze kuti pa masentimita 12 mwapeza 31 kumanzere ndi 24 kumanja. Kusiyana kwa 7 kumeneko ndiye poyambira panu. Pakatha miyezi itatu mukapeza 30 kapena 29, kapena 31 yemweyo koma khungu lafewa, fungo latha ndipo sanadwalenso, ndiye kuti ntchito ikugwira. Mukapeza 34 popanda kudwala kulikonse, kapena kutupa kwakwera kudutsa bondo m'milungu yochepa, bwererani kwa dokotala, chifukwa mntchofu sukonda kuthamanga chotero ndipo payenera kufufuzidwa chifukwa china. M'kope lomwelo lembani tsiku lililonse limene adwala, masiku amene anagona, ndi chilonda chimene munachipeza pa nthawiyo. Chiwerengero cha kudwala ndicho chimatsika poyamba, kukula kwa mwendo kumatsatira pambuyo ndipo kumatsika pang'onopang'ono.

Ndisakunamizeni kuti mwendo udzabwerera mmene unalili ali mtsikana, pakuti timitsempha towonongeka sitimeranso, ndipo kutsuka kumeneku n'kwa moyo wonse. Koma pa gawo limene mayi anu ali, n'zotheka ndithu kuti asadzafike pa makwinya ozama ndi njerewere zija, ndipo apitirize malonda awo. Matendawa sapatsirana pogwirana, podyera mbale imodzi kapena pochapa nsalu, choncho inu kapena mdzukulu angathe kuwatsuka mwendo popanda mantha, makamaka masiku amene kuwerama kukuwavuta. Mukapita ku Nsanje gonani m'neti nonse. Ngati alipo achimwene kapena amalume amene anakulira nawo kumodzi ndipo ali ndi phudzi, auzeni kuti kawirikawiri gwero lake ndi nyongolotsi zomwezi, ndipo phudzi limachira ndi opaleshoni imene imachitika ngakhale m'zipatala za m'maboma. Popita ku kiliniki ulendo woyamba, tengani kope lija, mapilitsi onse amene mayi akumwa pakali pano, ndi mafuta alionse amene akhala akupaka pa mwendowo.